Momwe mungasinthire intigiralo yozungulira mzere wotseka kukhala intigiralo yapawiri pa dera lamkati

Funso la mtundu uwu limabwera ndi chizindikiro cha ∮, ndipo limakuuzani kuti muwonkhetse P dx + Q dy pozungulira mzere womwe umabwerera pomwe unayambira. Njira yomwe ambiri amayamba kuphunzira ndi yodula mzerewo m'zigawo, kulemba x ndi y ya chigawo chilichonse, kuwerengera chimodzichimodzi, kenako kuphatikiza. Imagwira, koma ndi yotalika, ndipo nthawi zina imakufikitsani pa intigiralo yomwe simungaimalize ndi cholembera. Lamulo la Green limakulolani kusiya mzerewo n'kukawonkhetsa pa dera lomwe lazingidwa ndi mzerewo. Dzinali ndi la George Green wa ku Nottingham, yemwe ankagwira ntchito pachigayo cha bambo ake ndipo anatulutsa kabuku kake ka masamu mu 1828. Lamuloli limalembedwa chonchi:

```
∮_C P dx + Q dy = ∬_D (∂Q/∂x − ∂P/∂y) dA
```

Apa C ndi mzere wotsekawo, D ndi dera la mkati mwake, ndipo dA ndi kachigawo kakang'ono ka deralo, komwe timakalemba dy dx kapena dx dy. Chizindikiro cha ∂Q/∂x chikutanthauza derivetivi ya Q potsata x yekha, y mutamutenga ngati nambala yosasintha. Chimodzimodzi ∂P/∂y ndi derivetivi ya P potsata y, x ali chikhalire.

Titenge funso limodzi tiyende nalo mpaka kumapeto. Mzere C ukuchoka pa (0, 0), kutsata y = x² mpaka pa (2, 4), kenako kubwerera pa (0, 0) motsata mzere wowongoka y = 2x. Tikufuna kupeza:

```
∮_C (xy + e^(x²)) dx + (x² + sin(y²)) dy
```

Mukayesa njira yodula zigawo, pa chigawo choyamba chomwe mukumana ndi intigiralo ya e^(x²), yomwe ilibe yankho lolembeka ndi mafankishoni wamba. Ndiye tisinthe.

Yambani ndi kujambula

Musanalembe derivetivi iliyonse, jambulani mzerewo papepala. Ine ndimaona kuti sitepe imeneyi ndi yomwe imapulumutsa mamalikisi ambiri kuposa ina iliyonse, chifukwa malire a intigiralo yapawiri amachokera pachithunzicho. Pezani pomwe mizere iwiriyi ikukumana: x² = 2x imapereka x = 0 ndi x = 2, choncho akukumana pa (0, 0) ndi (2, 4). Kenako yesani nambala imodzi ya pakati kuti mudziwe mzere womwe uli pamwamba. Pa x = 1, mzere wokhota uli pa y = 1 ndipo wowongoka uli pa y = 2. Wowongoka ndiye uli pamwamba, wokhota uli pansi, ndipo dera D ndi kachigawo kowonda ka pakati pawo.

Pachithunzi chomwecho onetsetsani zinthu ziwiri. Mzerewo ubwerere pomwe unayambira, ndipo usadzidutse wokha ngati nambala 8. Makona si vuto. Wathuwu uli ndi makona awiri, ndipo lamuloli limalola mzere wopangidwa ndi zigawo zosalala zingapo zolumikizana, monga malire a sikweya kapena a thirayango.

Onani komwe mzere ukulowera

Lamuloli limafuna kuti muziyenda pa mzerewo dera lili kudzanja lanu lamanzere. Pa mzere wakunja wa dera, uku ndi kuzungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ikani chala pa (0, 0) n'kutsata mzere wokhota kupita chakumanja ndi kumtunda. Deralo lili pamwamba pa mzerewo, komwe ndi kumanzere kwa munthu woyenda njira imeneyo. Ndiye funso lathu likuyenda njira yoyenera ndipo sitisintha kanthu.

Likanakhala kuti likuyamba ndi mzere wowongoka n'kubwerera ndi wokhota, dera likanakhala kumanja. Zikatero mumawerengera zonse monga mwa nthawi zonse, kenako n'kuika mayinasi pa yankho lomaliza. Lembani mayinasiyo pomwepo, kutsogolo kwa intigiralo yapawiri, musadikire kumapeto poti ndipamene amaiwalika.

Patulani P ndi Q, ndipo muone ngati zili bwino mkati monse

P ndi chilichonse chomwe chachulukitsidwa ndi dx, Q ndi chomwe chachulukitsidwa ndi dy. Musadalire kuti chomwe chalembedwa koyamba ndiye P, chifukwa olemba mafunso ena amayamba ndi dy, monga x dy − y dx. Pamenepo P = −y ndipo Q = x, mayinasi akupita limodzi ndi P. Pa funso lathu:

```
P = xy + e^(x²)
Q = x² + sin(y²)
```

Tsopano funsani ngati pali malo m'dera D, kapena pa mzere weniweniwo, pomwe P, Q kapena maderivetivi ake akuduka kapena kusowa tanthauzo. Zoyang'ana ndi nambala ya pansi pa fulakishoni yomwe ingasanduke 0, logarizimu ya nambala yomwe ingafike pa 0, ndi sikweyaruti ya nambala yomwe ingatsike pansi pa 0. Apa mulibe chilichonse mwa zimenezi. Sitepeyi imaoneka yopanda ntchito pa mafunso ambiri, koma ndi yomwe imasiyanitsa yankho loona ndi labodza pa funso lomwe tione kumapeto.

Pezani ∂Q/∂x − ∂P/∂y

Kumbukirani kuti maderivetiviwa ndi opingasa. Q, yemwe amayenda ndi dy, amatengedwa potsata x. P, yemwe amayenda ndi dx, amatengedwa potsata y.

```
∂Q/∂x = 2x
∂P/∂y = x
∂Q/∂x − ∂P/∂y = x
```

Taonani zomwe zachitika. Mbali ya sin(y²) ilibe x, choncho derivetivi yake potsata x ndi 0. Mbali ya e^(x²) ilibe y, nayonso yapita. Zovuta ziwiri zija zasowa, kwatsala x yekha. Izi sizinangochitika mwamwayi. Intigiralo ya e^(x²) dx imangodalira komwe x wayambira ndi komwe wathera. Popita x akuchoka pa 0 kufika pa 2, pobwera akuchoka pa 2 kufika pa 0, ndiye zomwe zawonkhetsedwa popita zimafafanizika pobwera. Mukaona funso la mzere wotseka lili ndi mbali yoopsa ya x yekha pa dx kapena ya y yekha pa dy, dziwani kuti wolembayo akufuna mugwiritse ntchito lamulo la Green.

Izi zimathandizanso kugwira cholakwa chofala. Munthu akasokoneza n'kutenga ∂P/∂x, apeza y + 2x·e^(x²), chinthu chovuta kuposa chomwe anayamba nacho. Funso la m'kalasi likamakula m'malo mochepa pa sitepe iyi, bwererani mukaone ngati mwapingasa bwino. Cholakwa china ndi kutembenuza dongosolo, kulemba ∂P/∂y − ∂Q/∂x. Chimenechi n'chobisika chifukwa manambala onse amatuluka bwinobwino, kungoti yankho limabwera ndi sayini yolakwika. Njira yachidule yodzikumbutsira ndi kuyesa ∮ x dy pozungulira mosemphana ndi wotchi. Yankho lake liyenera kukhala kukula kwa dera, nambala yoposa 0. Apa Q = x, ∂Q/∂x = 1, choncho mbali ya Q ndi yomwe ili ndi pulasi.

Ikani malire

Apa m'pomwe pamafunika kudekha, chifukwa mwachoka pa mzere ndipo tsopano mukufotokoza dera lonse. Jambulani kamzere koimirira pa x aliyense pakati pa 0 ndi 2. Kamzereko kakulowa m'dera pa mzere wapansi, y = x², n'kutuluka pa mzere wapamwamba, y = 2x. Amenewo ndiwo malire a intigiralo yamkati. Kenako funsani kuti kamzereko kakuyenda kuchokera pati kufika pati kuti kasese dera lonse: kuyambira x = 0 mpaka x = 2. Amenewo ndi malire akunja.

```
∫_0^2 ∫_(x²)^(2x) x dy dx
```

Malire akunja ayenera kukhala manambala okhaokha. Mukaona x kapena y pa malire akunja, china chake chasokonekera, chifukwa yankho lomaliza liyenera kukhala nambala. Komanso malire a intigiralo yapawiri nthawi zonse amachoka pa chaching'ono kupita pa chachikulu, pansi kupita pamwamba, kumanzere kupita kumanja. Musawatembenuze poganiza kuti mukutsatira komwe mzere ukulowera. Nkhani ya kolowera munathana nayo kale pa sitepe yachiwiri, ndipo mukaibweretsanso pano mudzaika mayinasi kawiri.

Ena amalemba y kuchoka pa 0 kufika pa 4 ndi x kuchoka pa 0 kufika pa 2, manambala okhaokha konse. Malire amenewo akufotokoza rekitango yonse yomwe dera lathu lili mkati mwake, osati dera lathu, ndipo yankho lake ndi 8, kutali ndi loona.

Werengerani

Yambani ndi yamkati. Potsata y, x ndi nambala yosasintha, choncho intigiralo ya x dy ndi x kuchulukitsa ndi kutalika kwa kamzere kaja:

```
∫_(x²)^(2x) x dy = x(2x − x²) = 2x² − x³
∫_0^2 (2x² − x³) dx = 16/3 − 4 = 4/3
```

Yankho ndi 4/3.

Musadzuke musanaliyese. Njira yoyamba ndi yongoyerekeza. Kukula kwa dera D ndi intigiralo ya 2x − x² kuchoka pa 0 kufika pa 2, yomwe ndi 4 − 8/3 = 4/3. M'dera monsemo x ali pakati pa 0 ndi 2, ndiye yankho liyenera kukhala pakati pa 0 ndi 8/3. Lathu lili momwemo. Kufanana kwa yankho ndi kukula kwa dera pa funso ili kwabwera chifukwa avereji ya x m'deralo ndi 1, musakutenge ngati lamulo.

Njira yachiwiri ndi kusintha dongosolo, kugwiritsa ntchito kamzere kogona. Kamzere kotere kamalowa m'dera pa mzere wowongoka, pomwe x = y/2, n'kutuluka pa wokhota, pomwe x = √y, ndipo y akuyenda kuchoka pa 0 kufika pa 4. Intigiralo yamkati ikupereka y/2 − y²/8, ndipo yakunja ikupereka 4 − 8/3, yomwenso ndi 4/3.

Njira yachitatu ndi yomwe ndimalimbikitsa aliyense kuti aichite kamodzi ndi manja ake, chifukwa ndi imene imachititsa munthu kulikhulupirira lamuloli. Chotsani mbali ziwiri zomwe zimafafanizika zija, muwerengere xy dx + x² dy pa mzere weniweniwo. Pa mzere wokhota, y = x² ndipo dy = 2x dx, choncho tili ndi x³ + 2x³ = 3x³, yomwe intigiralo yake kuchoka pa 0 kufika pa 2 ndi 12. Pa mzere wowongoka, y = 2x ndipo dy = 2 dx, choncho tili ndi 2x² + 2x² = 4x². Koma pano tikubwerera, x akuchoka pa 2 kufika pa 0, ndiye tikupeza −32/3. Kuphatikiza, 12 − 32/3 = 4/3. Njira ziwiri zosafanana n'komwe zatulutsa nambala imodzi.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tayerekezani kuti deralo lagawidwa m'timinda ting'onoting'ono toyandikana, ndipo mwini kamunda kalikonse akuzungulira malire ake mosemphana ndi wotchi, akuwonkhetsa P dx + Q dy. Malire aliwonse a pakati pa timinda tiwiri ayendedwa kawiri, wina akukwera pomwe mnzake akutsika, ndiye zowonkhetsa zawo pamenepo zikuthana. Zotsala ndi za m'malire akunja okha, omwe alibe woyandikana naye. Ndipo zomwe kamunda kamodzi kakang'ono kamapereka ndi pafupifupi ∂Q/∂x − ∂P/∂y kuchulukitsa ndi kukula kwake.

Manambala omwewa akusonyezanso chochita mzere ukakhala wosatseka. Funso likanangofuna xy dx + x² dy pa mzere wokhota wokha, kuchoka pa (0, 0) kufika pa (2, 4), mukanautseka nokha ndi mzere wowongoka, kupeza 4/3 ndi lamulo la Green, kenako kuchotsa zomwe mzere wowonjezerawo wabweretsa: 4/3 − (−32/3) = 12. Chosaloledwa ndi kugwiritsa ntchito lamuloli pa mzere wosatseka ngati kuti ndi wotseka.

Dera likakhala lozungulira

Mzere ukakhala bwalo lozungulira, masitepe ndi omwewo, koma malire amaphweka mukagwiritsa ntchito r ndi θ m'malo mwa x ndi y. Tengani ∮ −y³ dx + x³ dy pozungulira x² + y² = 4 mosemphana ndi wotchi. Apa ∂Q/∂x = 3x² ndipo ∂P/∂y = −3y², choncho kuchotsera kukupereka 3x² + 3y², yomwe ndi 3r². Kachigawo ka dera tsopano ndi r dr dθ, osati dr dθ yokha, chifukwa timagawo takutali ndi pakati ndi tatikulu kuposa tapafupi.

```
∫_0^(2π) ∫_0^2 3r² · r dr dθ = 2π · 12 = 24π
```

Woiwala r wowonjezerayo apeza 16π. Koma pali msampha wina womwe umakola ngakhale ophunzira akhama. Munthu amaona 3(x² + y²), amakumbukira kuti x² + y² = 4, n'kulemba 12 kuchulukitsa ndi kukula kwa bwalo, 4π, n'kupeza 48π. Zimenezi n'zolakwika. Mawu akuti x² + y² = 4 ndi oona pa mzere wokha. Mukangosintha kupita ku intigiralo yapawiri, mwalowa mkati, ndipo mkatimo x² + y² ikusintha kuchoka pa 0 pakati penipeni kufika pa 4 m'mphepete. Ikweshoni ya mzere ntchito yake ndi kukupatsani malire, isalowe mu chomwe mukuwonkhetsa.

Mkati mukakhala malo oduka

Tibwerere ku sitepe yachitatu ija. Tengani izi, pozungulira bwalo la x² + y² = 1 mosemphana ndi wotchi:

```
P = −y/(x² + y²)
Q = x/(x² + y²)
```

Mukawerengera maderivetivi, ∂Q/∂x ndi ∂P/∂y onse akutuluka (y² − x²)/(x² + y²)², ndiye kusiyana kwawo ndi 0. Wothamanga alemba kuti yankho ndi 0. Koma werengerani pa mzere weniweniwo, x = cos t, y = sin t. Pansi pa fulakishoni pakhala 1, dx = −sin t dt, dy = cos t dt, ndipo P dx + Q dy ikusanduka sin²t + cos²t, yomwe ndi 1. Kuzungulira kamodzi, t kuchoka pa 0 kufika pa 2π, yankho ndi 2π.

Lamulo silinaname. Pa (0, 0) nambala ya pansi pa fulakishoni ndi 0, P ndi Q alibe tanthauzo pamenepo, ndipo malowo ali mkati mwa dera. Kadontho kamodziko n'kokwanira kuti lamulo lisagwire. Bwalo likanakhala kwina, mwachitsanzo pakati pake pali pa (3, 0) ndipo rediyasi yake ndi 1, kadonthoko kakanakhala kunja ndipo 0 akanakhala yankho loona.

Mzere wozinga kadonthoko ukakhala wovuta kuulemba, monga sikweya yaikulu kapena mzere wokhotakhota, chitani izi. Jambulani kabwalo kakang'ono kozungulira (0, 0), kokwana bwino mkati mwa mzere wanuwo. Dera lanu latsopano ndi la pakati pa mzere wakunja ndi kabwaloko, ndipo m'menemo P ndi Q zili bwino ponseponse. Deralo lili ndi malire awiri, ndipo onse ayendedwe dera lili kumanzere. Kwa mzere wakunja uku ndi kusemphana ndi wotchi, koma kwa kabwalo kamkati ndi kutsata wotchi. Ikani chala pa kabwaloko muyese, muona kuti mukatsata wotchi dera likukhala kumanzere kwanu. N'chifukwa chake ndi bwino kuloweza za dzanja lamanzere kusiyana ndi za wotchi.

Lamulo la Green tsopano likuti intigiralo ya mzere wakunja kuphatikiza ya kabwalo koyendedwa motsata wotchi ndi yofanana ndi intigiralo yapawiri pa dera la pakatilo, yomwe pa funso ili ndi 0. Ndiye kuti intigiralo ya mzere wakunja ndi yofanana ndi ya kabwalo koyendedwa mosemphana ndi wotchi. Ya kabwalo ka rediyasi a ndi yosavuta: x = a cos t, y = a sin t, pamwamba pakutuluka a², pansi pali a², zikuthana, kutsala 2π. Choncho pa P ndi Q amenewa, mzere uliwonse wotseka, wosadzidutsa, womwe wazinga (0, 0) mosemphana ndi wotchi umapereka 2π, kaya ndi sikweya kaya ndi thirayango. Pa funso lina lomwe ∂Q/∂x − ∂P/∂y si 0 m'dera la pakatilo, werengerani intigiralo yapawiriyo monga tachitira pamwambapa, n'kuwonjezerapo ya kabwalo koyendedwa mosemphana ndi wotchi, kuti mupeze ya mzere wakunja.